Babulo soti papepala: ulendo woyamba wandithera pa 2 6 1 9 5, kenako zaima

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi ntchito yokapereka Lachisanu. Atipatsa nambala zisanu, 6 2 9 1 5, akuti tizisanje kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu ndi njira ya babulo soti, tionetse mmene mndandanda ukuonekera pakutha pa ulendo uliwonse, kenako tilembe khodi yake pamanja. Zonsezi papepala. Ine ndachita chonchi: ndatenga 6 ndi 2 n'kuzisinthanitsa, ndatenga 9 ndi 1 n'kuzisinthanitsa, 5 yatsala yokha yopanda inzake. Ndapeza 2 6 1 9 5. Ulendo wachiwiri ndi umene wandiimitsa mutu. 2 ndi 6 zili bwino, 1 ndi 9 zili bwino, palibenso chosintha, chikhalirecho mndandanda sunasanjike. Ndithandizeni chonde.

Mphatso: Asisi, ulendo woyamba ukatha nambala imodzi imayenera kukhala itafika pamalo pake penipeni, pomwe sidzachokanso. Kwa inu palibe yomwe yafika, ndiye chizindikiro chake n'chimenecho. Funani yaing'ono kwambiri, ndi 1, muiike kutsogolo, 6 ipite pomwe panali 1. Mupeza 1 2 9 6 5. Ulendo woyamba ndi umenewo.

a Ngozo: A Mphatso, mawu anu oyambawo ndi oona ndipo a Tadala awasunge: ulendo uliwonse umasiya nambala imodzi pamalo pake pokhazikika. Koma zomwe mwachita kenako ndi njira ina, selekishoni soti. Mwanyamula 1 n'kuidumphitsa nambala ziwiri nthawi imodzi. Mu babulo soti palibe kudumpha. Zimafananitsidwa ndi zoyandikana zokhazokha, ndipo zimasinthana malo ndi zoyandikana zokhazokha. Mukalemba 1 2 9 6 5 pamayeso, wochonga adziwa pa mzere woyamba womwewo kuti mwayankha funso lina.

A Tadala, vuto lanu ndi laling'ono. Mukusuntha ndi malo awiri, pomwe muyenera kusuntha ndi malo amodzi. Ikani chala cha kumanzere pa nambala yoyamba, cha kumanja pa yachiwiri. Mukafananitsa, zala zonse ziwiri zisunthe ndi malo amodzi okha, moti chala cha kumanzere chifike pomwe panali cha kumanja. Ndiye kuti nambala yomwe mwangoisiya kumanja ifananitsidwanso nthawi yomweyo ndi yotsatira. Inu mutasinthanitsa 6 ndi 2, simunafunse 6 ndi 9. Ndipo mutasinthanitsa 9 ndi 1, simunafunse 9 ndi 5, apa ndi pomwe zinataika.

Ndalemba mzere umodzi pa kufananitsa kulikonse. Zomwe zili m'mikutiramawu ndi zomwe zala zikuloza.

```
ulendo 1
[6 2] 9 1 5   sinthani  ->  2 6 9 1 5
2 [6 9] 1 5   siyani
2 6 [9 1] 5   sinthani  ->  2 6 1 9 5
2 6 1 [9 5]   sinthani  ->  2 6 1 5 9
```

Taonani 9. Chala chitangoipeza sichinaisiyenso, inayenda nacho mpaka kumapeto, chifukwa palibe nambala yoti ingaiimitse. Zimakhala choncho nthawi zonse: yaikulu kwambiri ikhale paliponse, ulendo woyamba ukatha ili kumapeto. Dulani mzere woimirira patsogolo pake, 2 6 1 5 | 9, ndipo kuseri kwa mzerewo musakhudzekonso. Ulendo wachiwiri muchite nokha mutionetse.

Tadala: Zikomo bambo, zayamba kuwala. Ndayesa:

```
ulendo 2
[2 6] 1 5 | 9   siyani
2 [6 1] 5 | 9   sinthani  ->  2 1 6 5 | 9
2 1 [6 5] | 9   sinthani  ->  2 1 5 6 | 9

ulendo 3
[2 1] 5 | 6 9   sinthani  ->  1 2 5 | 6 9
1 [2 5] | 6 9   siyani
```

Pano zasanjika, 1 2 5 6 9. Ndiime pomwepa?

Mphatso: Koma bambo Ngozo, buku lomwe tinkagwiritsa ntchito ife linkaonetsa yaing'ono ikufika kutsogolo ulendo woyamba, ndikukumbuka bwinobwino, ndipo mutu wake unali babulo soti womwewu.

a Ngozo: Simukunama ayi. Mabuku ena amayambira kumanja n'kumabwerera kumanzere, ndiye yaing'ono ndi imene imakokedwa mpaka kutsogolo. Koma zala zimasunthabe ndi malo amodzi. Pa nambala za a Tadala zikanakhala chonchi: 1 ndi 5 siyani, 9 ndi 1 sinthani, 2 ndi 1 sinthani, 6 ndi 1 sinthani, mwapeza 1 6 2 9 5. Yerekezani ndi yankho lanu lija, 1 2 9 6 5. Zonse zikuyamba ndi 1, koma m'njira ya babulo 6 yangosuntha ndi malo amodzi, pomwe kwa inu yaponyedwa kutali. Kusiyana kwake kumaonekera pamenepo. Mbali yoyambira ikhoza kukhala iliyonse, bola a Tadala atsate yomwe aphunzitsi awo anaonetsa m'kalasi, ndipo asasinthe pakati pa ntchito.

A Tadala, maulendo awiriwo mwakhoza. Funso lanu loti muime kapena ayi ndi lomwe lili ndi nkhani. Inu mwaona kuti zasanjika chifukwa maso anu akuona nambala zisanu zonse pamodzi. Pulogalamu ilibe maso oterowo, imaona ziwiri zokha nthawi imodzi. Pomaliza ulendo wachitatu zomwe ikudziwa n'zoti 5, 6 ndi 9 zakhazikika, komanso kuti mu ulendo umenewu yasinthanitsako kamodzi. Za 1 ndi 2 sinazitsimikize. Choncho pali ulendo wachinayi, wa mzere umodzi: 1 ndi 2, siyani. Ukatha umenewo zinayi zakhazikika, ndipo yotsala ilibe kwina kopita. N'chifukwa chake nambala zisanu sizifuna maulendo oposa anayi.

Muwerenge mizere yanu tsopano. Ulendo woyamba inayi, wachiwiri itatu, wachitatu iwiri, wachinayi umodzi, yonse 10. Pomwe mwalemba "sinthani" ndi katatu, kawiri, kamodzi, ndiye 6.

Limbani: Pepani kulowerera, koma ku ntchito palibe amalemba zimenezi. Mu Python mumangolemba `sorted([6, 2, 9, 1, 5])` basi zatha. Njira yomwe ili m'kati mwake anailemba Tim Peters mu 2002 ndipo imathamanga kutalitali. Babulo soti pa nambala 1,000 ikhoza kufananitsa ka 499,500. Bwanji osaphunzira zomwe mudzagwiritse ntchito?

Tadala: Achimwene, funso likuti tilembe tokha ndi kuonetsa ulendo uliwonse. Ndikalemba mzere umodziwo ndipeza ziro.

aNabanda: Limbani mwanangu, ine ndimaphunzitsa za makompyuta ku sekondale, ndipo ana anga ambiri amagawana kompyuta imodzi anthu angapo, magetsi akakhalapo. Chomwe ndimafuna pa babulo soti si kusanja nambala. Ndi pomwe mwana amayamba kuona lupu ili m'kati mwa lupu inzake, yakunja itaima chiimire pomwe yam'kati ikuzungulira. Amene watsata mizere 10 ija ndi pensulo sasokonezekanso ndi zimenezo. Kuti njirayi ndi yochedwa, inde, ndipo 499,500 yanuyo mwana amaimvetsa bwino atawerenga yekha 4, 3, 2, 1 papepala lake n'kuona kuti nambala 10 zifuna 45, nambala 100 zifuna 4,950.

Limbani: Ndamva mayi. Komabe ine ndikanayamba ndi insheshoni soti. Nayonso ili ndi malupu awiri, ndipo ija imagwiradi ntchito m'mapulogalamu enieni pa timindandanda tating'ono. Koma ndisasokoneze ntchito ya Tadala.

Yamikani: Poti nkhani yake ndi yomweyi, ndiikepo langa. Ndalemba mu C, ndayesa ndi nambala za Tadala zomwezi, ikunditulutsira `1 1 1 1 5`. Malupu ndawayang'ana kangapo, ali ngati momwe bambo Ngozo afotokozera. Kapena ndi kompaila ya pafoniyi?

```c
if (a[j] > a[j + 1]) {
    a[j] = a[j + 1];
    a[j + 1] = a[j];
}
```

a Ngozo: Kompaila ilibe mlandu, a Yamikani. A Tadala, iyi ndi yanu. Tsatani mizere iwiri yam'katiyo papepala, `a[0]` ili 6, `a[1]` ili 2, mutiuze zomwe mupeze.

Tadala: Mzere woyamba ukuti `a[0]` itenge zomwe zili mu `a[1]`, ndiye `a[0]` yakhala 2. Mzere wachiwiri ukuti `a[1]` itenge zomwe zili mu `a[0]`, koma muja muli kale 2. Ndiye zonse zili 2, 6 yafufutika! Ndapitiriza: 2 2 9 1 5, kenako 2 ndi 9 siyani, 9 ndi 1 zikhala 1 ndi 1, kenako 1 ndi 5 siyani. Ulendo woyamba ukuthera pa 2 2 1 1 5. Wachiwiri 2 1 1 1 5, wachitatu 1 1 1 1 5. Ndi zomwe achimwene apezazo ndendende.

aNabanda: Eya. Kapu ina muli tiyi, ina muli thobwa, mukufuna zisinthane. Popanda kapu yachitatu chimodzi chitayika. Yamikani, sunga kaye `a[j]` pambali usanailembe pamwamba:

```c
int t = a[j];
a[j] = a[j + 1];
a[j + 1] = t;
```

Ndipo taona kuopsa kwake: 1 1 1 1 5 ndi yosanjika ndithu, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Ukanakhala ndi nambala zambiri n'kungoponya diso, ukanati zatheka. Ndimauza ana anga kuti akamaliza ulendo uliwonse aphatikize nambala zonse. Za Tadala zikupanga 23, ndipo zikhale 23 mpaka kumapeto. Za iwe zatsika kufika pa 11 ulendo woyamba womwe.

Yamikani: Zatheka mayi, zikomo kwambiri. Ikutulutsa `1 2 5 6 9`. Koma ndili ndi funso lina. Mnzanga analemba lupu yam'kati `j < n - i`, ine `j < n - 1 - i`, ndipo yake nthawi zina imatulutsa zolondola, nthawi zina imabweretsa nambala yachilendo yomwe sitinaikemo.

a Ngozo: Bwererani ku zala zija. `j` ndi chala cha kumanzere, `j + 1` cha kumanja. Nambala zisanu zili m'malo 0 mpaka 4. Ulendo woyamba `i` ili 0, ndiye kwa mnzanuyo `j` ifika pa 4, chala cha kumanja chiloza `a[5]`, malo oti kulibe. Python ikanaima n'kulemba `IndexError: list index out of range`. C siyang'ana zimenezo, imangowerenga chilichonse chomwe chili pamenepo m'kompyuta. Chikakhala chachikulu kuposa 9 palibe chichitika ndipo yankho lioneka labwino. Chikakhala chaching'ono chilowa mu mndandanda wanu, 9 n'kutulukira kunja. Papepala mumazigwira msanga: nambala zisanu, mizere ya ulendo woyamba ikhale inayi. Ikakhala isanu mwapyola.

Tadala: Khodi yanga ndalemba chonchi, mu Python. Ndaikamo kanthu kokumbukira ngati pasinthidwa china, kuti iime msanga. Ndaitsata ndi nambala zanga ndipo ikupereka yankho lolondola, komanso ikuima pa ulendo wachitatu, ndiye mwina ulendo wachinayi uja siwofunika?

```python
def bubble_sort(a):
    n = len(a)
    for i in range(n - 1):
        for j in range(n - 1 - i):
            zasintha = False
            if a[j] > a[j + 1]:
                a[j], a[j + 1] = a[j + 1], a[j]
                zasintha = True
        if not zasintha:
            break
```

Mphatso: Ine ndikuona ili bwino. Ikusanja, ndipo ikupulumutsa ulendo umodzi. Perekani imeneyo.

a Ngozo: Musapereke kaye. Mu ulendo wachitatu munasinthanitsa 2 ndi 1, si choncho? Nanga yaima bwanji, pomwe lamulo ndi loti iime pokhapokha ulendo wonse utadutsa osasintha kanthu? Yesani ndi 3 2 1 9, ndipo pambali pa mzere uliwonse muzilemba zomwe `zasintha` ili nazo.

Tadala:

```
[3 2] 1 9   sinthani  ->  2 3 1 9   True
2 [3 1] 9   sinthani  ->  2 1 3 9   True
2 1 [3 9]   siyani                  False
```

Ikuima pa 2 1 3 9, zosasanjika. Ndaona. `zasintha = False` ili m'kati mwa lupu yam'kati, ndiye ikumafufuta zomwe zachitika m'mbuyo n'kungokumbukira kufananitsa komaliza kokha.

a Ngozo: Ndi zimenezo. Pa nambala zanu zisanu zinangochitika mwayi kuti pomwe inaima molakwika mndandanda unali utasanjika kale. Mzere umenewo ukwere pamwamba, ukhale pansi pa `for i` koma kunja kwa `for j`, kuti ufufutidwe kamodzi poyamba ulendo uliwonse.

```python
    for i in range(n - 1):
        zasintha = False
        for j in range(n - 1 - i):
            if a[j] > a[j + 1]:
                a[j], a[j + 1] = a[j + 1], a[j]
                zasintha = True
        print("ulendo", i + 1, a)
        if not zasintha:
            break
```

Mukaukweza kupyola apo, pamwamba pa `for i`, yankho likhalabe lolondola, kungoti ikangosinthanitsa kamodzi siidzaimanso msanga, chifukwa palibe chobweza `zasintha` ku `False`. Malo atatu a mzere umodzi womwewo, zotsatira zitatu. Polemba pamanja muonetse bwino mpata wa kumanzere, chifukwa mu Python mpatawo ndi umene ukunena lupu yomwe mzere ulimo. Ndi bwino kudula mizere yoimirira yopepuka ndi rula musanayambe kulemba. `print` ndaiikayo ndi yoti mukapeza kompyuta muyerekeze ndi pepala lanu ulendo ndi ulendo.

Mphatso: Chabwino, ndavomera. Ndiye tinene kuti ndi `zasintha`, mndandanda womwe watsala pang'ono kusanjika umatha msanga nthawi zonse. Ngati nambala imodzi yokha ndi yomwe ili pamalo polakwika, maulendo awiri basi.

a Ngozo: Zimatengera kuti nambala imodziyo ndi iti, ndipo apa ndi pomwe ine ndimapakonda kwambiri pa nkhani yonseyi. Tengani nambala zomwezi muziike m'njira ziwiri. Yoyamba 9 1 2 5 6. Zonse zili bwino kupatula 9 yomwe ili kutsogolo. Ulendo woyamba 9 isinthana ndi 1, ndi 2, ndi 5, ndi 6, yafika. Ulendo wachiwiri udutsa osasintha kanthu, pulogalamu iima. Maulendo awiri, kufananitsa ka 7. Apa mwalondola.

Yachiwiri 2 5 6 9 1. Zonse zili bwino kupatula 1 yomwe ili kumapeto.

```
poyamba    2 5 6 9 1
ulendo 1   2 5 6 1 9
ulendo 2   2 5 1 6 9
ulendo 3   2 1 5 6 9
ulendo 4   1 2 5 6 9
```

Maulendo onse anayi, kufananitsa ka 10, `zasintha` sinathandize kanthu. Chikhalirecho kusinthanitsa ndi kanayi m'mindandanda yonse iwiri. Chifukwa chake chili pa zala zomwe zija. Zala zikupita kumanja. Nambala yaikulu ikasinthana imapita komwe zala zikupita, ndiye zimaipezanso pa mzere wotsatira. Yaing'ono ikasinthana imabwerera m'mbuyo ndi malo amodzi, zala n'kuisiya, sizidzaionanso mpaka ulendo wina. Choncho nambala siingabwerere kumanzere kuposa malo amodzi pa ulendo umodzi.

Izi zimakupatsani njira yodziwira maulendo musanayambe n'komwe. Pa nambala iliyonse werengani kuti ndi zingati zoiposa zomwe zili kumanzere kwake. Pa 6 2 9 1 5: 6 ilibe, 2 ili ndi imodzi, 9 ilibe, 1 ili ndi zitatu, 5 ili ndi ziwiri, 6 ndi 9. Chiwerengero chachikulu ndi 3, ndipo mndandanda wa a Tadala unasanjikadi pa ulendo wachitatu. Tsopano phatikizani zonse: 1, 3 ndi 2 zikupanga 6. Mukukumbukira kuti "sinthani" analembedwa kangati?

Tadala: Ka 6! Ndiye kuti ndikhoza kudzichonga ndekha ndisanapereke. Koma chifukwa chiyani zikufanana?

a Ngozo: Chifukwa mukasinthanitsa ziwiri zoyandikana, mwakonza ziwiri zokhazo. Zina zonse zomwe zinali kumanzere kwa ziwirizi zikadali kumanzere, za kumanja zikadali kumanja. Ndiye kusinthanitsa kulikonse kumachotsa 1 yekha pa chiwerengero chija, osaposa, osachepera, mpaka chifike pa ziro. Mukapeza kuti mwasinthanitsa ka 5 kapena ka 7, pena pake mwadumpha mzere kapena mwasintha zosayenera.

Yamikani: Nanga bwanji osapita kumanja kenako n'kubwerera kumanzere? Pa 2 5 6 9 1, popita 9 ifika kumapeto, pobwerera 1 ikokedwa mpaka kutsogolo. Zatha.

a Ngozo: Njira imeneyo ilipo ndithu, ndipo pa mndandanda uwu ithandiza monga mwaoneramo. Koma kusinthanitsa sikuchepa, kukhalabe kanayi, pa chifukwa chomwe ndangonenachi. Ndipo mndandanda ukakhala wotembenuka wonse, 9 6 5 2 1, mufananitsabe ka 10 n'kusinthanitsa ka 10, kaya mupite kaya mubwerere.

aNabanda: Ndiwonjezepo china chomwe nambala za Tadala sizingaonetse chifukwa mulibe zofanana. Ana amakonda kufunsa kuti `>` ndi `>=` zikusiyana pati, poti 70 ndi 70 zikasinthana palibe chioneka. Chimaoneka nambala ikakhala ndi mwini wake. Tinene ndili ndi ana atatu m'kaundula, olembedwa motsata zilembo: A wapeza 70, C wapeza 85, D wapeza 70. Ndikufuna wopambana akhale pamwamba, ndiye chizindikiro chitembenuka, ndisinthanitsa wakumanzere akakhala wochepa, `<`. A ndi C asinthana, C A D. A ndi D onse 70, siyani. Zathera pa C A D, ofanana malikisi akadali motsata zilembo. Koma ndikalemba `<=`, A ndi D asinthana popanda chifukwa, ndipeza C D A, ndipo kholo la A lidzafunsa kuti mwana wake watsikira chiyani pansi pa mnzake wofanana naye.

Palinso choopsa kuposa apo. Ena salemba `for i`, amalemba `while` yomwe imabwereza mndandanda wonse mpaka ulendo udutse osasintha kanthu. Ndi `<=`, D ndi A azingosinthana ulendo uliwonse, `zasintha` izikhala `True` nthawi zonse, pulogalamu siidzaima. Mwana akandiuza kuti kompyuta yauma, ndimayamba ndayang'ana chizindikiro chimenecho.

Limbani: Iyi ya ofanana malikisi ndiyofunikadi ngakhale ku ntchito. `sorted()` nayonso siisokoneza dongosolo la zofanana, ndipo anthu amadalira zimenezo posanja kawiri, poyamba ndi dzina kenako ndi malikisi.

Tadala: Ndalemba zonse bwinobwino tsopano, maulendo anayi, mizere 10, kusinthanitsa ka 6, ndipo khodi ndaiyesa ndi 3 2 1 9 komanso 2 5 6 9 1. Chatsala chimodzi. Mnzanga wa m'kalasi akuti pa ulendo uliwonse tizifananitsa mpaka kumapeto, ngakhale zomwe zakhazikika kale, chifukwa aphunzitsi pabolodi sanadule mzere uja. Kwa iye ulendo uliwonse uli ndi mizere inayi, yonse 16. Wolondola ndani?

aNabanda: Nonse mufika pa yankho limodzi, ndipo mndandanda wa pakutha pa ulendo uliwonse ukhala wofanana. Ine pochonga ndimayang'ana chinthu chimodzi: kodi mizere ikugwirizana ndi khodi yomwe mwanayo walemba? Ngati walemba `range(n - 1 - i)` mizere ikhale 10. Ngati walemba `range(n - 1)` ikhale 16. Koma ndikanakhala iwe ndikanatsata za pabolodi, chifukwa wochonga amakhala ndi pepala la mayankho m'manja, ndipo ena sapatuka pa pepalalo.

a Ngozo: Apa ndisiyana nanu pang'ono, mayi. Mizere 6 yoonjezerayo yonse ikhala "siyani", ndipo a Tadala akudziwa kale chifukwa chake. Kuwauza kuti ailembebe ndi kuwauza kuti abise zomwe amvetsa. Ine ndikanalemba 10, n'kuika chiganizo chimodzi pansi pa ulendo woyamba chonena kuti 9 yakhazikika ndipo siifananitsidwanso. Wochonga aliyense wodziwa ntchito yake apereka malikisi onse.

aNabanda: Wodziwa ntchito yake, inde bambo. Koma mapepala akachuluka, diso limangofuna zofanana ndi zomwe zili pa pepala la mayankho. Tadala, funso lenilenilo likuti chiyani? Likutchula chiwerengero cha kufananitsa?

Tadala: Likungoti tionetse mndandanda pakutha pa ulendo uliwonse ndi kulemba khodi. Za chiwerengero silikunena. Mawa tili ndi kalasi yawo m'mawa, ndikawafunsa ngati akufuna mizere yonse kapena ayi ndisanakopere papepala loyera.

Mphatso: Mukafunsenso ngati ulendo womaliza wosasintha kanthu uja amauwerengera malikisi. Kwathu ena ankaufuna, ena ayi. Ine pakadali pano ndikuyesa 9 6 5 2 1 kuchokera kumanja, ndione ngati ndipezedi 10.